Kalembedwe ka Funso Losanja Masitepe a Chithandizo Choyamba

Funso losanja masitepe limapatsa wophunzira ntchito zonse za ndondomeko inayake zitasakanizidwa, ndipo iye amazibwezeretsa m'malo mwake kuyambira yoyamba kufikira yomaliza. Funso lotere limayeza chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi chakuti wophunzirayo akudziwa chimene chiyenera kuchitika china chisanachitike, ndipo limakhala labwino pokhapokha ngati pali kasanjidwe kamodzi kokha komwe munthu wodziwa ntchitoyo angavomereze. Malangizo otsatirawa akutsata funso limodzi kuyambira posankha nkhani mpaka pochonga, ndipo nkhani yake ndi ya munthu wamkulu amene wapezeka atagwa pansi ndipo sakupuma.

1. Sankhani ndondomeko yomwe masitepe ake sangasinthane malo

Si ntchito iliyonse yokhala ndi masitepe imene ingasanduke funso losanja. Musanalembe kanthu, tengani masitepe awiri aliwonse oyandikana ndipo mudzifunse chimene chingachitikire wodwala ngati mutawasinthanitsa. Ngati yankho ndi lakuti palibe chingasinthe, masitepe awiriwo sayenera kukhala m'funso limodzi monga zinthu ziwiri zosiyana, pakuti wophunzira amene wawatembenuza sanalakwe ngakhale pepala lanu la mayankho likunena kuti walakwa.

Chilonda cha moto chikusonyeza bwino vutoli. Munthu akapsa, malo opsawo amaziziritsidwa ndi madzi oyenda kwa mphindi 20, mphete ndi zibangili zimavulidwa thupi lisanatupe, ndipo chilondacho chimaphimbidwa ndi chinthu chaukhondo chosamata. Kuphimba kumabwera pambuyo pa kuziziritsa, ndipo apa palibe mkangano. Koma kuvula mphete kumachitika dzanja lili m'madzi momwemo, ndiye wophunzira wina adzaika sitepe imeneyi kuziziritsa kusanayambe, wina pambuyo pake, ndipo onse awiri angathe kudziteteza. Mukachotsa sitepe ya mpheteyo mumatsala ndi masitepe ochepa kwambiri moti funso limakhala lopanda mphamvu, choncho nkhani ya chilonda cha moto ndi bwino kuifunsa m'njira ina.

Nkhani ya munthu wosapuma ndi yosiyana chifukwa sitepe iliyonse imadalira inzake. Simungamugwedeze musanamufike, ndipo simuyenera kumufika musanaone ngati malowo ali ndi waya wamagetsi, utsi kapena magalimoto odutsa. Simuyenera kukanikiza chifuwa cha munthu musanatsimikize kuti sakupuma. Kudalirana kumeneku ndiko kumene funso lanu lidzayeza.

2. Tsatirani buku limodzi, ndipo likhale lomwe mwaphunzitsira

Mabungwe ophunzitsa chithandizo choyamba sasanja masitepe mofanana ndendende, komanso amasintha malangizo awo pakapita zaka. Mu 2010 bungwe loona za matenda a mtima la ku America linasintha ndondomeko yake n'kuika kukanikiza chifuwa koyambirira, pamene kale linkayamba ndi kutsegula njira ya mpweya ndi kuuzira mpweya m'kamwa. Mabuku ena amaphunzitsabe kutsegula njira ya mpweya musanaone ngati munthu akupuma. Mukalemba funso potolera masitepe m'mabuku awiri, mudzapeza ndondomeko yosakanikirana imene palibe katswiri angaivomereze yonse.

Tsegulani buku lenilenilo limene ophunzira anu aligwiritsa ntchito, onani chaka chimene linasindikizidwa, ndipo kopani masitepe monga alili musanayambe kuwakonza. Chitsanzo cha pano chikutsata ndondomeko yofala ija yoyamba ndi kuona ngozi, kenako kuona ngati munthu akuyankha, kutsegula njira ya mpweya, kuona kupuma, kukanikiza chifuwa ka 30 ndi kuuzira mpweya kawiri. Ngati buku lanu likusiyana ndi ndondomeko imeneyi, funso lanu litsate buku lanulo.

3. Chotsani sitepe yoyendayenda ndi kuiika m'nkhani ya funso

Apa ndi pamene mafunso ambiri amawonongekera, ndipo m'poyenera kupatsapo nthawi. Pafupifupi ndondomeko iliyonse ili ndi sitepe imodzi yofunika kwambiri koma yopanda malo okhazikika. Pa munthu wosapuma, sitepe imeneyi ndi kuitana thandizo. Mabuku ena amati muimbire ambulansi mukangoona kuti munthu sakuyankha, ena amati muimbe mutatsimikiza kuti sakupuma, ndipo ngati muli awiri, mmodzi amaimba foni pamene winayo akupitiriza ndi wodwala. Mukaika sitepe imeneyi pakati pa zinzake zoti zisanjidwe, funso lanu lidzakhala ndi mayankho olondola awiri kapena atatu.

Musaitaye sitepeyo, chifukwa ophunzira angaganize kuti ndi yosafunika. Isamutsireni m'mawu oyambirira a funso, pomwe mukulongosola zomwe zachitika, n'kunena kuti mnzanu waimba kale foni. Mwa njira imeneyi sitepeyo ikuonekabe, koma siikusokonezanso kasanjidwe.

Nkhani ya funso iyeneranso kutseka mipata ina. Nenani kuti wodwalayo ndi wamkulu komanso kuti sanamire m'madzi, pakuti kwa mwana kapena kwa munthu womira mabuku ambiri amaphunzitsa kuyamba ndi kuuzira mpweya musanakanikize chifuwa, ndipo wophunzira wakhama amene anawerenga zimenezi adzasanja mosiyana ndi inu pa chifukwa chomveka. Nenaninso kuti mukufuna ulendo woyamba wokha, chifukwa kukanikiza ka 30 ndi kuuzira kawiri zimabwerezedwa mosinthana mpaka thandizo litafika, ndipo ntchito yobwerezabwereza ilibe poyambira poonekera ngati simunanene. Pomaliza, uzani wophunzira zimene adzapeze akamuyeza wodwalayo, chifukwa munthu wokomoka amene akupuma bwino sakanikizidwa chifuwa koma amagonekedwa chammbali, ndipo funso losanja silingathe kunyamula njira ziwiri nthawi imodzi.

Nkhani ya funso lathu ikhoza kumveka motere: “Mwapeza munthu wamkulu atagwa pansi m'chipinda. Mnzanu waimbira kale ambulansi. Pomuyeza mudzapeza kuti sakuyankha ndiponso sakupuma. Sanjani masitepe 6 ali m'munsiwa monga mmene mungawachitire ulendo woyamba, polemba zilembo zake kuyambira sitepe yoyamba kufikira yomaliza. Gwiritsani ntchito chilembo chilichonse kamodzi.”

4. Werengani masitepe

Masitepe 4 angasanjidwe m'njira 24, masitepe 5 m'njira 120, masitepe 6 m'njira 720, ndipo masitepe 7 m'njira 5040. Masitepe 3 ali ndi njira 6 zokha, zomwe zikutanthauza kuti wophunzira wosadziwa kanthu angakhoze mwamwayi mosavuta. Mukapitirira 7, wophunzira amayamba kulimbana ndi kusunga ziganizo zambiri m'mutu m'malo moganizira wodwala. Masitepe 5 kapena 6 ndi okwanira, ndipo ndondomeko yaitali ndi bwino kuidula pakati n'kupanga mafunso awiri.

5. Lembani sitepe iliyonse moti isaulule malo ake

Buku limalembedwa kuti liwerengedwe motsatana, choncho ziganizo zake zimagwirana manja: “choyamba”, “kenako”, “mukatero”, “pomaliza”. Mawu onsewa ayenera kuchoka. Koma pali zizindikiro zina zobisika zomwe wolemba funso saziona msanga chifukwa yankho analizolowera kale.

Tengani chiganizo chakuti “Ngati mwapeza kuti sakupuma, kanikizani pachifuwa ka 30.” Wophunzira amene sanaphunzirepo chithandizo choyamba adziwa pongowerenga kuti sitepe imeneyi ikutsatira ya kuona kupuma. Momwemonso “Mukamaliza kukanikiza, uzirani mpweya kawiri” ikutchula yokha sitepe imene ili pamwamba pake. Chiganizo chakuti “Musanamuyandikire, onani ngati pali ngozi” chadziika chokha pamalo oyamba. Palinso vuto la kutchula munthu: ngati sitepe imodzi yokha ikunena kuti “wodwalayo” pamene zina zonse zikungoti “mugwedezeni”, “mupendeketseni”, wophunzira wochenjera adziwa kuti yotchula wodwalayo ndiyo yoyamba. Mankhwala ake ndi kutchula wodwala m'nkhani ya funso mokha, kapena kumutchula m'sitepe iliyonse.

Sitepe iliyonse ikhale ndi ntchito imodzi, iyambe ndi mneni wolamula, ndipo ikhale yotalika mofanana ndi zinzake. Mukalumikiza ntchito ziwiri za m'malo osiyana ndi mawu akuti “ndipo”, mwapanga sitepe imene theka lake lili pamalo achiwiri ndipo theka lina lili pamalo achinayi. Musaikemonso sitepe yabodza, monga kumwetsa wodwala madzi, poganiza kuti funso likhala lolimba, chifukwa mwauza kale wophunzira kuti agwiritse ntchito chilembo chilichonse, ndipo mukhala mukumukakamiza kupezera malo chinthu choopsa. Zinthu zosayenera kuchita zifunsidwe m'funso lakelake.

Masitepe athu atakonzedwa ndi kusakanizidwa akuoneka motere:

A. Yang'anani, mvetserani ndi kumva ngati wodwala akupuma, osapitirira masekondi 10.
B. Uzirani mpweya m'kamwa mwa wodwala kawiri.
C. Onani ngati pamalo pomwe pali wodwala pali chinthu choopsa.
D. Kanikizani pakati pa chifuwa cha wodwala ka 30.
E. Pendeketsani mutu wa wodwala chambuyo ndi kukweza chibwano.
F. Gwedezani mapewa a wodwala uku mukumuitana mokweza.

Yankho lolondola ndi C, F, E, A, D, B.

Zilembozi zaikidwa masitepe atasakanizidwa kale, ndipo kusakanizako kwachitika mosamala. Palibe sitepe imene yakhala pamalo ake enieni, palibe masitepe awiri otsatana amene atsala moyandikana m'dongosolo lolondola, ndiponso mndandandawu si yankho longotembenuzidwa kuyambira kumapeto. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta imene imasakaniza yokha, yesani funsolo kangapo kuti muone mmene likuonekera kwa wophunzira, makamaka pa foni, pomwe ziganizo zazitali zimachititsa kuti masitepe onse asaoneke nthawi imodzi.

6. Sankhani kachongedwe mayeso asanalembedwe

Yankho limodzi lomwelo likhoza kulandira malikisi osiyana kwambiri malinga ndi njira imene mwasankha, choncho nkhaniyi isasiyidwe mpaka mapepala atafika patebulo. Tiyeni tione ophunzira awiri. Woyamba walemba F, E, A, D, B, C, kutanthauza kuti zonse wazisanja bwino koma kuona ngozi wakuika pamapeto. Wachiwiri walemba C, F, E, A, B, D, kutanthauza kuti wangosinthanitsa masitepe awiri omaliza, kuuzira mpweya asanakanikize chifuwa.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi yopereka malikisi kwa yekhayo amene wakhoza zonse. Pa njira imeneyi ophunzira awiriwa alandira 0, mofanana ndi mnzawo amene sanalembe kanthu. Njirayi ili ndi malo ake pa mayeso omaliza opereka satifiketi, pomwe funso ndi lakuti munthu akuidziwa ndondomeko yonse kapena ayi, koma siikuuzani chilichonse chokuthandizani pophunzitsa.

Njira imene aphunzitsi ambiri amathamangira ndi yopereka malikisi amodzi pa chilembo chilichonse chimene chili pamalo ake. Wophunzira wachiwiri alandira 4 pa 6. Woyamba alandira 0 pa 6, chifukwa posuntha C kupita kumapeto, zilembo zina zonse zakwera malo amodzi ndipo palibe chimene chatsala pamalo ake, ngakhale kuti masitepe 5 ali m'dongosolo lolondola. Choipa china n'chakuti wophunzira wongosanja mwachisawawa amapeza pafupifupi chilembo chimodzi pamalo ake, kaya masitepe ndi angati, ndiye kuti akhoza kuposa mnzake amene akudziwa zambiri.

Njira yachitatu imayang'ana masitepe oyandikana. M'yankho lolondola muli malo 5 pomwe masitepe amalumikizana: C ndi F, F ndi E, E ndi A, A ndi D, D ndi B. Wophunzira woyamba wasunga malo 4 mwa amenewa ndipo alandira 4 pa 5, pamene wachiwiri wasunga 3 okha. Tsopano zinthu zatembenuka, ndipo amene waiwala kudziteteza waposa mnzake. Pa chithandizo choyamba zimenezi n'zosavomerezeka, pakuti wothandiza amene wagwira munthu wokhudzana ndi waya wamagetsi amasanduka wodwala wachiwiri, ndipo masitepe 5 amene anawasanja bwino aja sadzawafika n'komwe.

Njira yachinayi imayerekeza sitepe iliyonse ndi zina zonse, kuti ione ngati yoyenera kuyamba yalembedwadi inzake isanabwere. Pa masitepe 6 pamakhala mayerekezo 15. Wophunzira woyamba walakwa 5, chifukwa C yabwera pambuyo pa zilembo zina zonse, ndipo alandira 10 pa 15. Wachiwiri walakwa kamodzi ndipo alandira 14 pa 15. Njirayi imalanga kwambiri sitepe imene yatayidwa kutali ndi malo ake, zomwe n'zoyenera, koma ndi yotopetsa kuchonga pamanja, komanso wongosanja mwachisawawa amapeza pafupifupi theka la malikisi, choncho 8 pa 15 si chizindikiro chakuti munthu akudziwa kanthu.

Kwa mphunzitsi wochonga pamanja, njira imene ndikuona kuti ndi yachilungamo ndi kulemberatu mfundo zochepa zomwe zili ndi tanthauzo kwa wodwala, n'kupereka malikisi pa mfundo zimenezo. Pa funso lathu, C ikakhala yoyamba wophunzira alandire malikisi 2. Alandirenso amodzi ngati F yabwera E isanabwere, amodzi ngati E yabwera A isanabwere, amodzi ngati A yabwera D isanabwere, ndi amodzi ngati D yabwera B isanabwere, posayang'ana ngati zilembozo zayandikana. Onse pamodzi ndi 6. Wophunzira woyamba alandira 4 ndipo wachiwiri alandira 5, ndipo aliyense wa iwo mukhoza kumuuza mfundo yeniyeni imene wataya. Ngati maphunziro anu amatenga kuona ngozi monga sitepe yosakambirana, mukhoza kulamula kuti wosayamba ndi C walephera funso lonse, koma lamulo lotere lilembedwe pa pepala la mayeso kuti ophunzira alidziwiretu.

7. Yesani funsolo pa anthu awiri osiyana

Perekani funsolo, popanda yankho, kwa munthu wodziwa bwino chithandizo choyamba. Akasanja mosiyana ndi inu, musafulumire kumuuza yankho lanu, koma mufunseni chifukwa chake, pakuti kawirikawiri amakhala wapeza sitepe yoyendayenda imene munaiphonya kapena mpata umene nkhani ya funso sinatseke. Kenako perekani funsolo kwa munthu amene sanaphunzirepo nkhaniyi. Iyeyu akakhoza zonse, mufunseni chimene chamutsogolera, ndipo adzakulozerani mawu amene akuulula yankho. Si chodandaulitsa akadziwa mwa nzeru zachibadwa kuti C ndi yoyamba, koma akadziwa malo a D ndi B pongoona kalembedwe ka ziganizo, ndiye kuti ziganizozo ziyenera kulembedwanso.

8. Werengani mayankho olakwa monga uthenga

Mukatha kuchonga, lembani mayankho a kalasi yonse m'mizere ndipo muone kulakwa kumene kukubwerezedwa. Ngati ambiri alemba B asanalembe D, n'kutheka kuti anaphunzira ndondomeko yakale kwinakwake, kapena asokoneza chithandizo cha munthu wamkulu ndi cha mwana, ndipo phunziro lotsatira liyambire pamenepo. Ngati ambiri asinthanitsa E ndi A, afotokozereni kuti munthu wokomoka akagona chagada, minofu yake imafooka ndipo lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya, choncho kuona kupuma mutu usanapendeketsedwe kungakunamizeni. Koma ngati ophunzira amene amakhoza bwino mafunso ena onse ndi omwe akulakwa pa malo amodzi, kayikirani funsolo musanakayikire ophunzirawo, ndipo bwererani ku buku kuti muone ngati silikulola njira zonse ziwiri.

Pobweza mapepala, musangolemba zilembo zolondola pabolodi. Pa malo aliwonse pomwe masitepe awiri akulumikizana, nenani chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, kuti wophunzira asaloweze C, F, E, A, D, B, zomwe zidzakhala zopanda ntchito mukadzasakaniza masitepewo mwatsopano.

9. Dziwani pomwe funsoli likulekezera

Wophunzira amene wasanja masitepe onse molondola wasonyeza kuti akudziwa dongosolo lake, koma sanasonyeze kuti manja ake angagwire ntchitoyo. Pepala silingaone ngati akukanikiza chifuwa mozama masentimita 5 mpaka 6, ngati akukanikiza ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, kapena ngati chifuwa cha wodwala chikukwera pamene akuuzira mpweya. Silingaonenso ngati angathe kusiyanitsa kupuma kwenikweni ndi kubanika kwa apo ndi apo kumene kumachitika mtima utangoima, komwe anthu ambiri amakutenga ngati kupuma n'kuchedwa kuyamba kukanikiza. Komanso masitepe onse anali patsogolo pake, pamene pa ngozi yeniyeni ayenera kuwakumbukira yekha.

Pachifukwa chimenechi, funso losanja likhale loyamba, kenako mupemphe wophunzira kuti alembe kapena anene masitepewo popanda mndandanda, ndipo pambuyo pake awachite pa chidole chophunzitsira inu mukuonerera. Masitepe 6 omwewa, atabwezeretsedwa m'dongosolo lake, akhale pepala lanu lochongera pa nthawiyo, ndipo pambali pa D ndi B muwonjezere malo olembapo kuzama, liwiro ndi kukwera kwa chifuwa. Kukanikiza chifuwa kusayesedwe pa wophunzira mnzake amene akupuma.